Masabata 20 Ochedwa, K120 Miliyoni Zopemphedwa: Mmene Kalata ya Injiniya Ikanira Pempho la Kontalakitala

Ngochepa akalaliki a Boma ndi aphunzitsi amene sanaonepo nyumba za sukulu zimene zinayenera kutha m'chaka chimodzi zikutha patapita chaka ndi miyezi isanu. Chimene ambiri sachiona ndi envulopu yonenepa imene imafika ku ofesi ntchito ija itatha. M'menemo kontalakitala amanena kuti si iye anachedwetsa ntchito, kuti anakhalitsa pamalopo chifukwa cha mwini ntchito, ndipo kuti alipidwe ndalama zonse zimene anawononga pa nthawi yowonjezerayo. Ndalama zotere zikaperekedwa mosayenera, ndi madesiki ndi mabuku amene amasowa. Zikakanidwa mosayenera, Boma limagwa m'mlandu umene ungadye ndalama zoposa zimene zinapemphedwa.

Pempho lotere limayankhidwa ndi kalata imodzi, ndipo kalatayo siima chifukwa cha chidindo cha ofesi kapena ukulu wa amene waisaina. Imaima pa mafunso atatu: ndi masabata angati amene anatayika chifukwa cha mwini ntchito, ndi ndalama zingati zimene kontalakitala anawonongadi pa masabata amenewo, ndiponso mapepala osonyeza zimenezo ali kuti.

Malamulo a pangano

Ntchito zazikulu zambiri, makamaka zolipiridwa ndi mabanki a chitukuko, zimayendera malamulo a pangano olembedwa ndi bungwe la mainjiniya la FIDIC, limene likulu lake lili ku Geneva. Pamene mapulani a ntchito achokera kwa mwini ntchito, buku lotsatidwa ndi limene limatchedwa Buku Lofiira. Nkhani ino itsata buku la 1999, popeza mapangano ochuluka analembedwa pa ilo, ngakhale kuti lina latsopano linatuluka mu 2017.

M'pangano limeneli muli anthu atatu: mwini ntchito amene amalipira, kontalakitala amene amamanga, ndi injiniya amene amayang'anira pangano. Ndime 20.1 imanena kuti kontalakitala akaona chinthu chimene akhulupirira kuti chimuyenereza nthawi kapena ndalama zowonjezera, adziwitse injiniya pasanathe masiku 28 kuchokera pamene anachidziwa, kapena pamene anayenera kuchidziwa. Akapitiriza masikuwo, wataya nthawi ndi ndalama zomwe. Pempho lathunthu, lokhala ndi umboni wake, liyenera kufika pasanathe masiku 42. Injiniya nayenso ali ndi masiku 42 oti ayankhe, ndipo ngati akana, ndimeyo imamulamula kuti apereke zifukwa zake mwatsatanetsatane. Buku la 2017 linasunga masiku 28 a chidziwitso, koma linatalikitsa nthawi ya pempho lathunthu kufika masiku 84.

Kotero kalata yongonena kuti pempho lakanidwa chifukwa lilibe maziko, m'mizere itatu, ndi kalata yoswa pangano, ngakhale pempholo litakhala lopanda pake ndithu.

Chitsanzo cha sukulu

Nkhaniyi imveka bwino pa chitsanzo. Sukulu ndi ziwerengero zili m'munsimu nzongoyerekeza, koma mawerengedwe ake ndi amene amapezeka m'mapempho enieni.

Kontalakitala wapatsidwa ntchito yomanga sukulu ya sekondale, yokhala ndi zipinda zophunzirira, nyumba za aphunzitsi ndi nyumba yaikulu ya labotale, pa mtengo wa K2,400,000,000, kuti aitsirize m'masabata 52. Waitsiriza m'masabata 72, atachedwa ndi masabata 20.

M'mndandanda wa mitengo ya ntchito, chigawo choyamba sichinena za njerwa kapena malata ayi. Chimanena za ndalama zoyendetsera malo a ntchito: kumanga msasa ndi ofesi, mpanda, madzi, magetsi, alonda, malipiro a akapitawo, magalimoto, inshuwalansi. Anthu a zomangamanga amazitchula mapulelimu. Pa sukulu iyi mapulelimu onse ndi K312,000,000.

Masamu a kontalakitala ngosavuta. Wagawa K312,000,000 ndi masabata 52, napeza K6,000,000 pa sabata. Wachulukitsa ndi masabata 20, napempha K120,000,000. Munthu wosadziwa angaone ngati palibe chokanira, pakuti kuchedwako nkoona ndipo ziwerengerozo zachokeradi m'pangano. Komatu m'masamu afupi amenewa muli zolakwa zitatu, ndipo kalata ya injiniya imazitenga chimodzi ndi chimodzi.

Isanazifike, kalatayo imayamba ndi kutchula pempho limene ikuyankha, tsiku limene linalandiridwa, ndi ndime za pangano zimene likutsamira. Kenaka imanena za chidziwitso. Pa chitsanzo ichi kontalakitala anadziwitsa injiniya m'nthawi yake, ndipo kalata imavomereza zimenezo poyera. Ichi nchanzeru. Pa mlandu wa kampani ya Obrascon Huarte Lain ndi Boma la Gibraltar mu 2014, wokhudza msewu ndi ngalande ya pansi pa nthaka pafupi ndi bwalo la ndege, woweruza Akenhead wa ku London anavomereza kuti lamulo la masiku 28 limagwiradi ntchito, koma ananenanso kuti siliyenera kumasuliridwa mouma pofuna kupweteka kontalakitala, ndipo kuti ndi mwini ntchito amene ayenera kusonyeza kuti chidziwitso chinachedwa. Injiniya wobisala ku masiku 28 pamene chidziwitso chinafika bwino amafooketsa kalata yake yonse.

Cholakwa choyamba: si sabata lililonse limene lili ndi ndalama

Kalata imagawa masabata 20 aja molingana ndi chimene chinawadya. Masabata 8 anatayika chifukwa mapulani a maziko a labotale anachedwa kuchokera kwa injiniya, kuyambira sabata lachisanu kufikira la 12. Labotale ndiyo inali nyumba yotenga nthawi yaitali koposa zonse, kotero kuti tsiku lililonse limene iyo inachedwa linakankha tsiku lotsirizira sukulu yonse. Masabata 4 anatayika ndi mvula yoposa muyeso, imene mabuku a nthambi yoona za nyengo anasonyeza kuti inaposa kwambiri ya zaka zambiri za m'mbuyo. Masabata 8 otsala anatayika chifukwa kontalakitala anachedwa kuitanitsa zitsulo za denga ndipo amisiri ake anali ochepa.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kumene ambiri sakudziwa. Kupatsidwa nthawi ndi kupatsidwa ndalama nzinthu ziwiri. Ndime 8.4 imalola kuwonjezera nthawi chifukwa cha nyengo yoipa modabwitsa, koma pangano silipereka ndalama pa chifukwa chimenecho. Mvula si ya mwini ntchito, si ya kontalakitalanso. Mwini ntchito amasenza gawo lake polandira sukulu mochedwa osalipiritsa chindapusa, ndipo kontalakitala amasenza lake podzilipirira msasa wake. Mvula ya masiku onse ya dzinja, yoyamba cha m'Novembala ndi kutha cha m'Epulo, sipereka ngakhale nthawi, pakuti kontalakitala aliyense wa kuno ayenera kuiwerengera asanalembe mtengo wake. Koma kuchedwa kwa mapulani nkosiyana: ndime 1.9 imapereka nthawi, ndalama zimene zinawonongeka, ndi phindu loyenera pamwamba pake.

Tsono nthawi yowonjezera ndi masabata 12, ndiwo 8 a mapulani ndi 4 a mvula. Masabata 8 a denga ndi a kontalakitala yekha, ndipo pa amenewo mwini ntchito angathe kufuna chindapusa cha kuchedwa monga mwa ndime 8.7. Ndalama zingakambidwe pa masabata 8 a mapulani okha.

Ngakhale masabata 8 amenewa sakhala athunthu. M'sabata la 11 ndi la 12 antchito onse ananyanyala chifukwa kontalakitala sanawalipire, ndipo pamalopo panalibe wogwira fosholo. Mapulani akanafika m'sabata la 11, maziko sakanakumbidwabe. Buku la 1999 silinena mwachindunji za kuchedwa kwa mbali ziwiri pa nthawi imodzi, koma ndime 1.9 imalipira ndalama zokhazo zimene zinawonongeka chifukwa cha kuchedwa kwa mapulani, ndipo za masabata awiri amenewa zikanawonongeka ndithu mapulani alipo. Maganizo omwewa ali m'ndondomeko ya bungwe la Society of Construction Law la ku Britain, imene inatuluka mu 2002 ndi kukonzedwanso mu 2017: pamene onse awiri achedwetsa ntchito pa nthawi imodzi, kontalakitala alandire nthawi, koma ndalama alandire pokhapokha atatha kulekanitsa zimene zinadza chifukwa cha mwini ntchito. Ndondomekoyi si lamulo, ndipo simanga pangano limene silinaitchule, koma oweruza milandu ya zomanga amailemekeza, ndipo kalata ingathe kuitchula monga umboni wa machitidwe ovomerezeka.

Mwa masabata 20, otsala ndi 6.

Cholakwa chachiwiri: mapulelimu sakula onse ndi nthawi

Kalata imatsegula tsopano chigawo choyamba cha mndandanda wa mitengo, nisonyeza kuti K312,000,000 zija zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la zinthu zochitika kamodzi kokha: kusamutsira makina kumalo a ntchito, kumanga ofesi ndi mosungira simenti, kukumba mjigo, kumanga mpanda, kuimika chikwangwani, ndi kupasula msasa pomaliza. Zimenezi ndi K104,000,000. Mjigo sukumbidwa kawiri chifukwa chakuti ntchito yatalika, ndipo mpanda umene unamangidwa m'sabata loyamba ndi womwewo umene uli chiimire m'sabata la 72. Kuika ndalama zimenezi m'chiwerengero cha pa sabata ndiko kupempha kuti mjigo umodzi ulipiridwe kachiwiri pang'onopang'ono.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene zimatsata mtengo wa ntchito, monga inshuwalansi ndi chikole cha ku banki chotsimikizira kuti ntchito idzatha. Zimenezi ndi K52,000,000. Nzoona kuti banki ndi kampani ya inshuwalansi zingalipiritse kanthu potalikitsa nthawi, koma kanthuko kamakhala ndi lisiti lake, ndipo lisitilo ndilo liyenera kubwera. Sikapezeka pogawa ndalama zonse ndi 52.

Gulu lachitatu ndilo limayendadi ndi nthawi: malipiro a woyang'anira malo, akapitawo, wosunga katundu ndi alonda, lendi ya nyumba, mafuta a jenereta ndi a galimoto. Zimenezi ndi K156,000,000, ndiko kuti K3,000,000 pa sabata. Kotero ngakhale njira ya kontalakitala ikanaloledwa, masabata 6 akanabala K18,000,000, osati K120,000,000.

Koma kalata imapitirira kunena kuti ngakhale K18,000,000 si yankho, ndipo mfundo iyi ndiyo mtima wa nkhani yonse. Ziwerengero za m'mndandanda ndi mitengo imene kontalakitala analemba pofuna kupambana anzake pa tenda. Si ndalama zimene anawononga. Ena amakweza mapulelimu dala kuti alandire ndalama zambiri m'miyezi yoyamba, ena amawatsitsa kuti mtengo wawo uoneke wotsika. Ndiponso m'mitengomo muli kale phindu. Pangano limatanthauzira ndalama zobwezedwa kuti ndi zonse zimene kontalakitala wawononga moyenera, pamalo a ntchito kapena kwina, koma phindu mulibemo. Limabwera padera pamene ndime yaloleza. Cholinga cha malipiro otere ndi kubwezera munthu pamene akanakhala pakanapanda kuchedwako, osati kumpatsa mtengo wa tenda kachiwiri.

Palinso funso la nthawi imene ndalamazo ziyenera kuwerengedwera. Kontalakitala amakonda kuloza masabata a kumapeto, kapena kutenga chiwerengero chapakati cha ntchito yonse. Ndondomeko ija imanena kuti ziwerengedwe pa nthawi imene kuchedwako kunamvekera. Mapulani anachedwa kuyambira sabata lachisanu, ntchito isanafike pachimake. Buku la kalaliki wa injiniya, amene anali pamalopo tsiku ndi tsiku, limasonyeza kuti pa nthawiyo panali woyang'anira mmodzi, kapitawo mmodzi, alonda anayi, galimoto imodzi ndi jenereta. Akapitawo a za magetsi ndi a za mipope anali asanabwere. Msasa wotere ungadye mwina K1,400,000 pa sabata, ndipo masabata 6 angakwane K8,400,000.

Lamuloli silikondera mwini ntchito. Kuchedwako kukanagwa m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, msasa utadzaza, ndalama zenizeni zikanatha kuposa K3,000,000 pa sabata, ndipo kontalakitala akanayenera kulandira zenizenizo. Kalata yabwino imanena zimenezi, kuti woiwerenga aone kuti muyeso ndi umodzi.

Chomaliza pa masamu ndi kulipira kawiri. Ntchito zowonjezera zimene injiniya analamula, ngati mitengo yake inali kale ndi gawo la zoyendetsera msasa, zalipira kale mbali ina ya nthawi. Kalata imachenjeza kuti ndalama zotere zidzachotsedwa pamene zikukhudza masabata omwewo.

Cholakwa chachitatu: mapepala kulibe

K8,400,000 zija nazonso sizingalembedwe m'satifiketi ya malipiro, pakuti nzoyerekeza za injiniya. Ndime 20.1 imalamula kontalakitala kusunga zolembedwa za pa nthawi yomweyo zimene zingafunike potsimikizira pempho lake, ndipo imanena kuti alipidwe gawo lokhalo limene watha kulitsimikizira.

Mu envulopu muja munali zinthu ziwiri: ndandanda wa ziwerengero wotayipidwa ntchito itatha, ndi kalata ya kapitawo yonena kuti akukumbukira kuti katapila ndi matipa awiri anakhala osagwira ntchito masabata onse 8. Kalata ya injiniya siinena mwachisawawa kuti umboni ngosakwanira. Imatchula ndi dzina pepala lililonse limene likusowa. Buku la zochitika za tsiku ndi tsiku lilibe masamba a sabata lachisanu kufikira la 10. Mapepala a malipiro a antchito, osainidwa kapena otsimikizidwa ndi banki, palibe. Chiwerengero cha antchito ndi makina, chimene ndime 6.10 imafuna mwezi uliwonse, sichinaperekedwe m'mwezi wachiwiri ndi wachitatu. Malisiti a mafuta, a lendi ndi a makina obwereka palibe. Ndondomeko ya ntchito yokonzedwanso monga mwa ndime 8.3, imene ikanasonyeza kuti ntchito inali pati mapulani asanachedwe, sinatumizidwe.

Za makina pali mfundo yapadera. Katapila wobwereka ali ndi lisiti la mwini wake. Katapila wa kontalakitala mwini, ataima, sadya mafuta ndipo sapereka lendi kwa wina aliyense. Chimene chimatayika kawirikawiri ndi kutsika kwa mtengo wake ndi ndalama zomusungira, osati mtengo wobwereketsera pa tsiku. Pempho limene limalipiritsa makina ake pa mtengo wa lendi, osasonyeza kuti panali ntchito ina imene makinawo anaiphonya, liyenera kufunsidwa. Pa chitsanzo ichi buku la kalaliki wa injiniya limasonyezanso kuti katapilayo anachoka pamalopo m'sabata lachisanu ndi chimodzi.

Kodi mawu a kapitawo sangalowe m'malo mwa mapepala? Funso limeneli linayankhidwa mu 2003 m'bwalo lalikulu la zilumba za Falkland, pa mlandu wa boma la zilumbazo ndi kampani ya Gordon Forbes, imene inkagwira ntchito pansi pa buku lakale la FIDIC la 1987. Kampaniyo inali ndi mipata m'zolembedwa zake, ndipo inafuna kutseka mipatayo ndi umboni wa anthu wolembedwa pambuyo pake. Woweruza Sanders anagamula kuti zolembedwa za pa nthawi yomweyo ndi mapepala oyambirira, kapena makope ake, amene analembedwa pamene chinthucho chinkachitika kapena pafupi ndi nthawiyo, kaya ndi kontalakitala kaya ndi mwini ntchito. Umboni wolembedwa pambuyo ungafotokoze pepala limene lilipo, koma sungalowe m'malo mwa pepala limene kulibe, ndipo pamene palibe zolembedwa, gawo limenelo la pempho lagwa. Madzi akatayika saoleka.

Injiniya wosamala satchula mlandu umenewu mopitirira malire ake. Mawu a buku la 1999 ngofewerapo kusiyana ndi a 1987: kusowa kwa zolembedwa sikupha pempho lonse monga kuchedwa kwa chidziwitso, koma kumawerengedwa molingana ndi mmene kwalepheretsera kufufuza bwino. Nchifukwa chake kalata imafotokoza chimene pepala lililonse likanasonyeza. Popanda mapepala a malipiro sikutheka kudziwa ngati woyang'anira uja ankalipidwa chifukwa cha sukulu iyi yokha kapena ankayang'aniranso ntchito ina. Ndiponso chigamulo chija chili ndi mbali yothandiza kontalakitala: zolembedwa za mwini ntchito nazo ndi umboni. Buku la kalaliki limene lachotsa katapila ndi lomwelo limene likutsimikiza kuti alonda anayi analipo, ndipo injiniya sangaliwerenge ndi diso limodzi.

Mapepala opangidwa usiku umodzi

Kalata yotere ikafika, nthawi zina mapepala osowa aja amatulukira mwadzidzidzi. Ena amakhala enieni amene anangoiwalika ku likulu la kampani, ena amakhala obadwa dzulo. Odziwa ntchitoyi amawasiyanitsa. Buku lenileni la pamalo a ntchito limakhala ndi fumbi la simenti, zolembera zamitundumitundu, ndi dzanja losintha pamene wolemba anadwala kapena anapita ku maliro. Buku lopangidwa pambuyo limakhala loyera, la cholembera chimodzi, ndipo chiwerengero cha antchito chimafanana tsiku lililonse, ngakhale pa Sabata ndi pa tsiku la tchuthi cha Boma. Limanena kuti kunali dzuwa pa tsiku limene buku la kalaliki likuti kunagwa mvula. Malisiti a miyezi itatu yosiyana amakhala ndi manambala otsatana, ngati kuti wogulitsa analibe wogula wina. Nambala ya tipa imodzi imapezeka pa ntchito ziwiri tsiku limodzi.

Ngakhale zili choncho, kalata siitchula munthu kuti ndi wakuba. Imangoika pepala ili pambali pa pepala ilo, nipempha kuti kusiyanako kufotokozedwe. Mawu achipongwe alibe chimene amawonjezera, ndipo tsiku lina kalatayo idzawerengedwa mokweza pamaso pa anthu amene sanaonepo sukuluyo.

Mmene kalata imathera

Pomaliza, kalata imanena zinthu zinayi momveka. Pempho la K120,000,000 lakanidwa monga momwe laperekedwera. Injiniya akuvomereza kuti pa mfundo yake kontalakitala ali ndi ufulu wobwezeredwa zimene anawonongadi m'masabata 6, kuyambira lachisanu kufikira la 10. Pakali pano palibe ndalama imene yatsimikizidwa, ndipo mapepala otchulidwa aja abwere pofika tsiku lakutilakuti. Mapepalawo akafika, injiniya adzakambirana ndi mbali zonse ziwiri, ndipo zikalephera kugwirizana adzagamula mwachilungamo monga mwa ndime 3.5.

Akuluakulu ena a m'maofesi sakondwa kuona injiniya wolipidwa ndi Boma akuvomereza kuti mapulani anachedwa, makamaka pamene anawachedwetsa ndi ofesi yake yomwe. Amafuna kalata yokana zonse. Koma mlandu suola. Kontalakitala wosakhutira angatengere nkhaniyi ku bungwe loweruza mikangano la panganolo, limene monga mwa ndime 20.4 limagamula pasanathe masiku 84, ndipo wosakhutirabe ali ndi masiku 28 oti adziwitse mnzake asanapite kwa oweruza apadera. Kumeneko chinthu choyamba kuwerengedwa ndi kalata ija. Ikapezeka kuti inakana ngakhale chimene chili poyera, oweruza amayamba kukayikira mawu ake ena onse, ndi a mapulelimu omwe amene anali oona. Ikapezeka kuti inavomereza masabata 6 ndi kupempha malisiti, ndi kontalakitala amene ayenera kufotokoza chifukwa chake sanawabweretse.

Phunziro la kalatayi limafikanso kwa amene sasaina mapangano. Mkulu woyendetsa chuma cha unduna, amene adzayankha kwa ofufuza mabuku a Boma, asanavomere kulipira ndalama za kuchedwa ayenera kuona masabata atagawidwa ndi zifukwa zake, mapulelimu atagawidwa m'magulu ake, ndi malisiti a masabata enieniwo. Ndipo mphunzitsi wamkulu amene sukulu yake ikumangidwa, akamalemba m'buku la sukulu kuti lero antchito ananyanyala, lero katapila wachoka, lero mvula yagwa tsiku lonse, akulemba pepala la mtundu womwe uja umene woweruza wa ku Falkland anaufuna. Pa sukulu ya chitsanzo ichi, mizere yochepa yotere ya m'buku la kalaliki ndiyo inathandiza kutsitsa K120,000,000 kufika pa ndalama zosapitirira K8,400,000, ndipo ngakhale zimenezo zidzatuluka m'thumba la Boma pokhapokha malisiti ake ataoneka.